Dzanzi la pachishalo musalinyozere, bambo

Inu bambo wa ku Nkhulambe amene mumalawirira mbandakucha ndi matumba a nandolo pakaliyala kupita ku Muloza kapena ku Chiringa, ndi inu mayi amene mumamudikirira kunyumba, pali nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi koma ndiyofunika tiikambe. Nkhani yake ndi dzanzi limene limagwira kumaliseche munthu akakhalitsa pachishalo cha njinga. Ambiri amaliyesa gawo la ntchito ngati zikang'a za m'manja. Ine ndikuti dzanzilo ndi chenjezo, ndipo munthu akalimvera msanga, kawirikawiri chimene chimafunika ndi sipanala basi.

Kunena kuti siyani njinga kungakhale kusadziwa moyo wa kuno. Kuseri kwa phiri la Mulanje kuno njinga imasenza katundu wa kumsika, imatenga odwala, imadyetsa mabanja a akabaza. Namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'mwezi wa Marichi 2023, tonse tidaona kuti Nkhulambe imadalira miyendo ya anthu ake. Choncho tiyeni tione mmene mungakhalire panjingapo osadzivulaza.

Tiyambe ndi thupi lenilenilo. Mukakhala pampando wa thabwa, mumamva mafupa awiri pansi pa matako. Amenewo ndiwo adapangidwa kuti azisenza thupi munthu akakhala pansi. Pakati pawo, kuyambira kumaliseche kufika potulukira chimbudzi, pali malo ofewa opanda fupa lowatchinga. Ife azamba malowa timawadziwa bwino, chifukwa ndi amene timawateteza kuti asang'ambike mayi akamabereka. Mwa abambo, pamalo amenewa pamadutsa njira ya mkodzo, tsinde la chida cha abambo limene lili mkati mwa thupi, mitsempha yopereka magazi ku chidacho, komanso nthambi za mtsempha wa pudendo. Mtsempha wa pudendowu ndi umene umachititsa kuti munthu azimva kukhudzidwa kumaliseche.

Chishalo cha njinga n'chachikulu kumbuyo, kutsogolo kuli mphuno yopyapyala. Mukakhala kumbuyo, mafupa awiri aja ndiwo amasenza thupi. Mukasendera kutsogolo, kapena mphuno ikaloza m'mwamba, kulemera kwanu kumagwera pamalo ofewa aja. Mtsempha umapanikizika, magazi amachepa, ndipo pamayamba kunyerenyetsa kenako dzanzi, monga mwendo umachitira mukaukhalira nthawi yaitali pamphasa. Kuti chida chidzuke pamafunika zinthu ziwiri zomwezi, kumva ndi magazi okwanira. N'chifukwa chake kupanikizika kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku kungathe kufooketsa bambo kuchipinda.

Izi zidafufuzidwa. Mu 1997 madokotala a ku Norway adalemba za abambo amene adachita nawo mpikisano wa makilomita 540 kuchokera ku Trondheim kukafika ku Oslo. Mwa abambo 160 amene adayankha mafunso, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse adachita dzanzi kumaliseche, ndipo 21 adavutika kudzutsa chida pambuyo pake. Ena vutoli lidapitirira sabata, ochepa lidapitirira mwezi. Mu 2008, ku Amereka, bungwe la boma loona za umoyo wa anthu pantchito lidalemba za apolisi olondera panjinga, amene adapatsidwa zishalo zopanda mphuno kwa miyezi isanu ndi umodzi. Poyamba, 27 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankati sachita dzanzi. Miyeziyo itatha, chiwerengerocho chidafika 82 mwa 100.

Koma musamve ngati kuti njinga imagwetsa aliyense m'papaya. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2018 adayerekeza abambo opalasa njinga ndi osambira komanso othamanga, ndipo sadapeze kuti opalasa njinga ndi ofooka kuchipinda kuposa anzawowo. Kupalasa kumalimbitsa mtima, ndipo mtima wabwino ndiwo umapopa magazi amene chida chimafuna. Chimene kafukufukuyu adapeza n'chakuti dzanzi limachepa mwa amene amakonda kuimirira pamapedulo, ndipo limachuluka mwa amene mahandulo awo ali m'munsi kuposa chishalo. Ndiye kuti mlandu uli pa kakhalidwe ndi kutalika kwa nthawi, ndipo zonsezi mungathe kuzisintha.

Tiyerekeze bambo wa zaka 38, wakabaza, amene amakhala pachishalo maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Njinga adagula kwa mnzake wamtali, ndipo chishalo sadatsitse. Mabampu a msewu wafumbi adamasula nati ya pansi pa chishalo, mphuno n'kuyamba kuloza m'mwamba. Atamva kuwawa, adakulunga chishalocho ndi siponji ndi nsanza. Tsopano akapalasa kwa mphindi 30 amachita dzanzi, ndipo mwezi uno dzanzilo likumakhalapo mpaka usiku. Kunyumba zinthu zayamba kuvuta. Mkazi wake akuganiza kuti kumsika kuli wina, iye akuganiza kuti amulodza, ndipo ndalama yayamba kuthera ku gondolosi ndi timibulu togula pamsika.

Panjinga ya bamboyu pali zolakwika zitatu. Choyamba ndi mphuno yoloza m'mwamba. Aimike njinga pamalo osalala, aike kathabwa kowongoka pamwamba pa chishalo, amasule nati, aweramutse chishalo mpaka kathabwako kagone mofanana ndi pansi. Mphuno ingathe kutsika pang'ono chabe. Ikatsika kwambiri, munthu amatsetserekera kutsogolo n'kukakhalanso pamphuno pomwepo.

Chachiwiri ndi kutalika. Akhale pachishalo wina atamugwirira njinga, aike chidendene papedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uyenera kuwongoka popanda thako kupendekeka. Ngati akuchita kunyanyamphira, chishalo chakwera, ndipo popalasa chiuno chimagwedezeka uku ndi uku, malo ofewa aja n'kumakhuzika pamphuno nthawi iliyonse pedulo ikazungulira. Atsitse pang'onopang'ono mpaka chiuno chikhazikike. Mahandulo akhale ofanana ndi chishalo kapena okwererapo, kuti asamawerame kwambiri, pakuti kuwerama kumakankhira chiuno pamphuno.

Chachitatu ndi siponji ija, imene ambiri amadabwa akamva kuti imaonjezera vuto. Pachinthu chofewa kwambiri mafupa awiri aja amamira, ndipo siponji imatukumukira pakati, pamalo enieni amene tikufuna kuwapumitsa. Chishalo chabwino n'cholimbirako, chachikulu kumbuyo, chokhala ndi masipuling'i amoyo. Pofuna kudziwa kukula koyenera, khalani pakatoni yoikidwa pathabwa, mudzaona timaenje tiwiri. Mwa anthu ambiri timaenjeti timatalikirana masentimita 10 mpaka 14. Mbali ya kumbuyo ya chishalo iyenera kupitirira pamenepo, kuti mafupa onse awiri apeze pokhala. Chishalo chimene chidafwamphuka pakati kapena chotulukira zitsulo chisinthidwe.

Njinga ikakonzedwa, patsala chizolowezi. Mphindi khumi zilizonse imirirani pamapedulo kwa theka la mphindi kuti magazi abwerere, ndipo pamabampu dzukani pang'ono kuti miyendo ilandire kugunda. Ndikudziwa kuti ndi matumba awiri kumbuyo, kapena mayi wodwala pakaliyala, kuimirira n'kovuta ndipo mungagwe. Pamenepo tsikani. Kukankha njinga pachitunda si kufooka, ndipo podikira makasitomala pasiteji musakhale pachishalo. Lamulo lalikulu ndi ili: dzanzi likayamba, tsikani nthawi yomweyo, yendani mpaka litatha. Zishalo zopanda mphuno zimene apolisi aja adagwiritsa ntchito sindikukulimbikitsani kuzisaka, chifukwa mphuno imathandiza kuwongolera njinga yolemedwa pamsewu woipa.

Nanga mungadziwe bwanji kuti vuto ndi chishalo? Dzanzi la chishalo limayamba muli panjinga ndipo limachepa mukatsika. Likatha m'mphindi zochepa, konzani njinga n'kupitiriza ntchito. Likagona mpaka m'mawa, mtsempha wapwetekeka ndipo ukufunika kupuma masiku angapo, nthawi zina masabata. Kwa munthu wodya za tsiku lomwelo amenewa ndi mawu olemera, koma kukakamira kumatalikitsa nthawi yochira. Ngati mwakonza njinga, mwapuma, koma pakutha mwezi chida sichikudzukabe bwino, ngakhale kudzuka kwa m'mamawa kuja kudasiya, musanamizirenso chishalo. Pitani mukayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa matenda awiriwa amawononga mitsempha mwakachetechete ndipo kufooka kuchipinda kumatha kukhala chizindikiro chawo choyamba. Fodya, kachasu ndi nkhawa nazonso zimafooketsa. Uzani adokotala mankhwala onse amene mukumwa, koma musasiye nokha amene adakulemberani.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira ngakhale tsiku limodzi. Dzanzi la pakati pa miyendo likabwera pamodzi ndi kupweteka kwambiri kwa msana, kufooka kwa miyendo, kukanika kukodza kapena kudzionongera osazindikira, ndiye kuti mitsempha ingakhale itapanikizika kumsana, zimene zingachitike kwa onyamula katundu wolemera. Chimodzimodzi ngati mwagwera pamtanda wa njinga n'kuona magazi akutuluka m'njira ya mkodzo. Zikatere thamangirani kuchipatala chachikulu, ku Holy Family kapena ku chipatala cha boma ku Migowi, tsiku lomwelo.

Mwina mukuti nkhani zotere n'zosayenera kulembedwa poyera. Ine ndikuona kuti kukhala chete ndiko kukuwononga mabanja, chifukwa pamene palibe kufotokoza, m'pamene pamalowa kukayikirana ndi kulozana zala. Anzanga azaumoyo, bambo wakabaza akabwera ndi msana, tizimufunsa pambali kuti, "Bambo, mukakhalitsa panjinga mumachita dzanzi kumusiku?" Sadzayamba yekha. Inu okonza njinga, musanabweze njinga kwa mwini wake, yang'anani mphuno ya chishalo monga mumayang'anira mabuleki. Atsogoleri a masiteji a kabaza, uzani anyamata ongoyamba kumene. Ndipo inu mayi, musanayambe kufunsa kuti kumsika kuli ndani, yambani mwafunsa kuti, "Abambo ake, chishalo chija mudakonzetsa liti?"