Musafufute dzina musanalisambike

Mwatsegula akaunti pa Fiverr kapena Upwork, mwalemba kuti mudziwa Excel. Manje kasitomala wakutumirani fayilo ya maina 500 ndi manambala a foni, akuti "cotsani obwerezabwereza". Apa ndiye pamene ambiri amagwera, cifukwa amathamangira kudina Remove Duplicates. Osatero, bakamba.

Coyamba, sungani kope la fayiloyo ndipo musalikhudze. Mukalakwitsa, ndiye pobwerera panu.

Vuto ni ili: kwa Excel, Banda amene ali ndi kampata kumapeto ndi Banda wopanda kampata ni anthu awiri. Diso siliona kusiyana, koma kompyuta iona, ndipo idzawasiya onse. Ndiye yambani kusambika mainawo. Ngati ali mu kolamu A, lembani izi mu C2, mukokere pansi:

```
=PROPER(TRIM(A2))
```

TRIM icotsa mipata yoonjeza, PROPER ikulitsa cilembo coyamba. Koma yang'anani ndi maso anu, cifukwa McDonald imusandutsa Mcdonald. Otere muwakonze pamanja.

Caciwiri ni manambala. Nambala yathu ya kuno ili ndi madijiti 10, kuyambira ndi ziro. Excel imadya ziroyo, 0977 n'kukhala 977. Ngati manambala ali mu kolamu B, lembani mu D2:

```
=TEXT(B2,"0000000000")
```

Ziro yabwera. Kuti mutsimikize, mu E2 lembani:

```
=LEN(D2)
```

Paliponse pamene yankho si 10, pali nkhani. Mukaona 12, kambiri ndiye kuti nambala inalembedwa ndi 260 kutsogolo. Cenjerani ici: nambala imene inasowa dijiti imodzi idzapatsidwa maziro awiri, n'kuoneka monga yabwino. Zoyamba ndi 00 muziike padera. Musapeke dijiti, funsani mwini fayilo.

Mukatsiriza, kopani makolamu C ndi D, muwamate pomwepo ndi Paste Special, kusankha Values. Manje sankhani tebulo lonse, mupite ku Data, mudine Remove Duplicates, ndipo mucongeko C ndi D pamodzi. Mukaconga dzina cabe, mudzafufuta anthu eni-eni. Ganizani a Phiri angati ali mu Kanyama mokha! Dzina limodzi, manambala osiyana, ni makasitomala awiri.

Excel idzakuuzani mizere imene yacoka ndi imene yatsala. Ikati 40 yacoka, itsale 460. Lembani zimenezi potumiza nchito: ndinalandira 500, ndacotsa 40, manambala 7 afuna muwaonenso. Kalipoti aka ndiye kamene kamacititsa kasitomala kubweranso kwa imwe, cifukwa aona kuti palibe munthu wake amene watayika.

Sabata ino, lembani maina 30 ongopeka, muwaononge dala ndi mipata ndi kubwereza, kenaka muwasambike. Mukakwanitsa osayang'ana pa pepala lino, mungayambe kuchula mtengo.