Msana ukapweteka, musathamangire mphini

Abale anga kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, lero ndikalipa. Munthu akangoti msana, ife timathamangira lezala. Zimenezi tisiye!

Chaka chatha ndinanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50 nditawerama, mawondo osapinda. Msana unagwira pompo. Ululu unali malo amodzi m'chiuno, osatsikira kumwendo. Imeneyo inali minofu chabe, inakokeka. Ndinkathowa ndi madzi ofunda, kumwa panado, n'kumayendayenda pang'onopang'ono. Patatha masabata awiri ndinabwerera kudimba.

Alamu anga zawo zinali zina. Ululu unkachoka m'chiuno, kudutsa m'thako, kutsika kumbuyo kwa mwendo mpaka kuphazi ngati moto. Zala zinachita dzanzi. Akatsokomola, ululu umakula. Adokotala anati kanyama kofewa ka pakati pa mafupa a msana kanasuntha n'kupanikiza mtsempha wopita kumwendo. Koma inu munali mutawatema kale mphini pakatumba! Vuto lili kumsana, mphini zikafika bwanji kumeneko?

Zoterezi n'zakuchipatala. Ndipo phazi likafooka n'kumakhukhuluzika poyenda, dzanzi likafika kumalo obisika, mkodzo ukamakanika kapena kutuluka wokha, pitani tsiku lomwelo. Mukachedwa mtsempha umawonongekeratu, munthu n'kulumala.