Ndemanga: Makolo Asiye Kulanda Ndalama za m'Kachitini ka Mwana

Akuluakulu a mabanki ndi a zamaphunziro akhala akubwereza uphungu wakuti mwana azipatsidwa kandalama kam'thumba, apezeredwe kachitini kosungiramo, ndipo aziloledwa kusankha yekha chogula. Uphunguwu ulibe cholakwika, koma umaganizira kholo lolandira malipiro mwezi ukatha, pomwe kwa Njombwa m'boma la Kasungu, monganso m'madera ena olima fodya, ndalama yeniyeni imalowa pakhomo kamodzi pachaka, mabelo akagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo. Mwana wa m'dera lotere amaona K5,000 yatsopano m'manja mwake mwezi wa Meyi, bambo ake atabwera kuokushoni ali chimwemwe tsaya, ndipo mwezi wa Januwale mwana yemweyo amapita kusukulu m'thumba muli mbee. Zimene amaphunzira pamenepa ndi zakuti ndalama ilibe dongosolo, imangobwera ndi kupita, ndipo munthu sangachitepo kanthu.

Koma vuto lalikulu, limene silitchulidwa pamisonkhano, lili m'nyumba momwemo. Mwana akamvera uphungu wa aphunzitsi, n'kutenga chitini cha mkaka chimene chinatha, n'kuboola pachivundikiro, n'kuyamba kuponyamo ma K100 ndi ma K200 amene amalume ake amampatsa, munthu woyamba kudziwa kulemera kwa chitinicho ndi kholo lake. Ikafika nyengo yopalira ndi kuthira feteleza, mchere utatha, sopo atatha, chigayo chikudikira, chitini chija chimatsegulidwa ndi mpeni, ndipo mawu amene amanenedwa ndi odziwika m'mudzi uliwonse: "Tabwereka, tidzakubwezera fodya akagulidwa." Fodya amagulidwadi, wailesi yatsopano imabwera, njinga imalowa matayala atsopano, anzawo a bambo amamwa mpaka usiku pa Bua, koma ngongole ya mwana siikumbukiridwa. Mwana akayerekeza kukumbutsa, yankho limakhala lakuti, "Kodi nsima imene umadya pano umalipira?" Mlandu umathera pomwepo, chifukwa palibe bwalo la anyakwawa limene linazengapo mlandu wa mwana wa Sitandade 3 wosumira bambo ake K2,600.

Makolo ambiri saona kuti pamenepa palinso phunziro, ndipo ndi phunziro lamphamvu kuposa la m'kalasi. Mwana amene walandidwa zosunga zake kawiri amafika pa mfundo imene akale anainena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndalama iliyonse imene yagwa m'manja mwake imasanduka zigege ndi mandasi dzuwa lisanalowe. Si kuti mwanayo ndi wosakaza. Wawerengera bwino lomwe, waona kuti zimene wadya palibe angamulande. Zizindikiro zake sizivuta kuona: mwana amayamba kubisa ndalama m'denga la udzu kapena kuikwirira kuseri kwa chigafa, kumene chiswe ndi makoswe zimaidya, amayamba kunama za kuchuluka kwa zimene wapatsidwa ndi achibale, ndiponso chenji cha kuokala chimayamba kubwera chosakwanira. Kholo likaona izi limathamangira kunena kuti mwana wayamba kuba, osafunsa kuti anayamba kutenga za mnzake ndani.

Palibe amene akukana kuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, ndipo banja limene lagona ndi njala silingaone ndalama m'chitini n'kuisiya. Pempho ndi lakuti kubwereka kuzikhala kubwereka kwenikweni. Amayi a kwa Njombwa amadziwa bwino malamulo a banki m'khonde, gulu limene anthu amasonkha masheya n'kumakongozana, ndipo amadziwa kuti kumeneko munthu satenga ndalama popanda kulemba m'buku, popanda mboni, ndiponso popanda chiwongoladzanja, chimene ndi ndalama yowonjezera imene wokongola amalipira chifukwa chogwiritsa ntchito ndalama ya mnzake. Lamulo lomwelo ligwire ntchito pa chitini cha mwana. Tsamba lomaliza la kope lake likwanira: tsiku, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wobwereka, ndi tsiku lobweza, zonse zolembedwa ndi dzanja la mwanayo, agogo kapena mkulu wake ali mboni. Kholo limene latenga K2,000 m'Januwale n'kubweza K2,200 m'Meyi lataya K200 yokha, koma mwana waona ndi maso ake kuti ndalama yosungidwa imabereka, ndiponso kuti ngongole imabwezedwa ngakhale wokongolayo ali wamkulu.

Za kandalama kam'thumba, chofunika si kukula kwake koma kubwera kwake pa tsiku lodziwika, chifukwa mwana sangaphunzire kudikira chinthu chimene sakudziwa ngati chidzabwera. Chitsanzo chikhale cha mtsikana wa zaka 9 amene makolo ake agwirizana kuti azimpatsa K500 Lolemba lililonse sukulu ikakhala yotsegula. Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu a masabata pafupifupi 13 iliyonse, kutanthauza masabata 39, ndipo ndalama yonse ya chaka ikukwana K19,500. Imeneyi ndi ndalama yosapitirira mapepala anayi a K5,000, omwe m'nyengo ya okushoni amatha kuperekedwa kwa mwana mmodzi m'milungu iwiri mosawerengera. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalamayi ipatulidwe tsiku limene ndalama za fodya zatapidwa kubanki, isinthidwe kukhala ma K100 ndi ma K200 kuti mwana azitha kuigawa, ndipo isungidwe ndi amene amagwira chuma molimba pakhomopo, amene m'mabanja ambiri ndi mayi. Banja limene silingathe K500 liyambe ndi K200, bola Lolemba la m'Febuluwale lifanane ndi Lolemba la m'Juni.

Mtsikanayu akalandira K500 yake, K300 ikhale yoti adye mmene wafunira, ndipo K200 ilowe m'chitini. Apa makolo agwire mtima. Akaimaliza K300 yonse Lolemba lomwelo pogula mafilizesi, n'kukhala masiku anayi akuyang'ana anzake akutafuna, asamuwonjezere ndiponso asamukalipire, chifukwa masiku anayiwo ndiwo akumuphunzitsa, ndipo sabata yotsatira adzagawa yekha popanda womuuza. Ndalamayi isakhalenso yogulira makope, zolembera kapena sopo, zomwe ndi udindo wa kholo, apo ayi mwana adzazindikira msanga kuti wangosenzetsedwa katundu wa makolo ake. Mng'ono wake wa zaka zisanu sayenera chitini, popeza kwa iye sabata yamawa ili kutali kwambiri. Iyeyo kumukwanira kumuimika paokala ndi ndalama yokwana chinthu chimodzi, n'kumuuza kuti asankhe pakati pa chitumbuwa ndi switi, ndipo chimene wasiya asachipeze kunyumba.

Teremu ikatha, m'chitini muja mukhala K2,600, ndipo apa m'pamene uphungu wa m'tauni umaperewera kachiwiri. Ndalama ya pepala ikakhalitsa imaonda. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwana amene ankasungira nsapato m'zaka zimenezo anapeza mtengo utamuthawa ngakhale sanaphonye sabata ndi imodzi yomwe. Choncho chitini chikhale ndi cholinga chotchulidwa dzina kuyambira tsiku loyamba, cholinga chofikirika m'teremu imodzi kapena awiri, ndipo mwana azipita yekha kumsika kamodzi pamwezi kukafunsa mtengo wa chinthucho n'kuulemba m'kope. Akaona mtengo ukukwera pomwe ndalama yake ili chikhalire, wamvetsa kale chimene akatswiri amachitcha kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo wachimvetsa bwino kuposa amene angoloweza tanthauzo lake.

Kwa mwana wakumudzi, cholinga chanzeru kwambiri ndi msoti, nkhuku yaikazi imene yatsala pang'ono kuyamba kuikira, chifukwa mtengo wake umakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu zina, komanso imaswana. Ngati msoti ukugulidwa K5,000, mtsikana uja aufikira m'masabata 25, teremu yachiwiri isanathe. Nkhuku imafungatira mazira masiku 21, ndipo pa anapiye oswedwa ena adzapita ndi mphamba, ena ndi matenda, zimene zili mbali ya phunzirolo. Mdani wamkulu ndi chitopa, chimene chimasesa makola makamaka m'nyengo yotentha, ndipo mwana auzidwe kuti ndalama pang'ono ya m'chitini ndi yolipirira katemera wodontheza m'diso, amene amaperekedwa pafupifupi miyezi inayi iliyonse. Akakana kulipira katemera nkhuku n'kufa, walandira phunziro lowawa koma lotsika mtengo poyerekeza ndi limene angadzalandire atakula.

Mawu amodzi apite kwa amene akuganiza zosandutsa kandalama kam'thumba kukhala malipiro a ntchito ya kumunda wa fodya, kuti mwana azilandira K100 akasoka mindandanda yakutiyakuti ya masamba. Malamulo a ntchito m'dziko muno saloleza kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso amaletsa ntchito zoopsa kwa aliyense wosakwana zaka 18. Tsamba la fodya lonyowa limalowetsa nikotini kudzera pakhungu, n'kuyambitsa chizungulire, mutu ndi kusanza, ndipo thupi laling'ono limagwidwa msanga. Mwana amene wazolowera kuti ndalama ili kuchigafa sachedwa kuona kuti kusukulu kulibe malipiro.

Tikabwerera ku nkhani ya nkhuku ija, tsoka lake n'lakuti nkhuku ya mwana nayonso ili ndi adani a miyendo iwiri. Alendo akafika mwadzidzidzi, apongozi atakhala kale pamkeka, maso a pakhomo amadutsa tambala wa bambo ndi thadzi la mayi n'kukagwera pa nkhuku ya mwana, chifukwa mwini wake ali kusukulu ndipo sangatsutse. Akabwera amapatsidwa chipalapasiro ndi mutu, n'kuuzidwa kuti athokoze. Chonde, ulemu kwa alendo usamalipiridwe ndi munthu wamng'ono kwambiri pakhomo. Ngati palibiretu kuchitira mwina, mwana adikiridwe kapena aitanidwe, afunsidwe, atchule mtengo wa kumsika wa tsiku limenelo, ndipo ngati ndalama palibe, ngongoleyo ilowe pa tsamba lomaliza la kope, m'munsi mwa ija ya m'Januwale, kuti mabelo akadzagulidwa zonse ziwiri zidzabwezedwe tsiku limodzi, bambo asanadutse pa Bua.