Boma likakhala wolamula, boma likakhala wogula: phunziro la ngongole zobisika

Mlandu waukulu wa ngongole zobisika za dziko lathu sunaweruzidwe ku Maputo kokha. Mbali ina inakambidwa ku London, pamaso pa woweruza wa ku Britain dzina lake Robin Knowles. Anthu ambiri anadabwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, khoti la dziko lachilendo linapeza kuti mphamvu zoweruza nkhani ya boma la Mozambiki, dziko lodzilamulira lokha kuyambira 1975? Chachiwiri, khoti lomwelo linati silingaweruze Pulezidenti Filipe Nyusi. Ngati boma lingathe kuimirira pabwalo la eni, nanga mtsogoleri wake analekeranji?

Yankho lili m'lamulo limodzi lakale la pakati pa mayiko. Lamuloli limati mayiko onse ndi ofanana, kaya ndi aakulu kapena aang'ono, ndiye dziko lina silingaitanire linzake ku khoti lake. Zikufanana ndi mafumu awiri oyandikana malire: ina singaitane inzake kuti idzakhale pansi pabwalo ngati mwana wa m'mudzi mwake. Akayambana, amakambirana kapena amapita kwa wamkulu amene onse awiri amuvomereza. Ichi ndicho chimatchedwa chitetezo cha dziko ku makhoti a mayiko ena.

Kale, m'mayiko ngati Britain, chitetezo chimenechi chinalibe malire. Koma maboma anayamba kuchita malonda kwambiri: kugula chimanga, kugulitsa mafuta, kuyendetsa zombo, kubwereka ndalama. Wamalonda akapereka katundu boma n'kukana kulipira, analibe kodandaula. Choncho makhoti anayamba kugawa ntchito za boma pawiri. Pali ntchito zaulamuliro, zimene boma lokha ndilo lingachite: kukhazikitsa malamulo, kutumiza asilikali kunkhondo, kuthamangitsa mlendo m'dziko, kukana kupereka chiphaso cholowera. Pa izi chitetezo chilipobe. Ndiye pali ntchito zamalonda, zimene ngakhale inu ndi ine tingachite: kugula, kugulitsa, kubwereka, kuchita lendi nyumba. Pa izi boma limaweruzidwa ngati wamalonda wina aliyense.

Kunena n'kosavuta, koma kusiyanitsa n'kumene kumavuta. Nkhani ya simenti ya ku Nigeria itithandiza.

M'chaka cha 1975, maunduna a boma la Nigeria anaitanitsa simenti yochuluka kwambiri, pafupifupi matani 20 miliyoni, pamene madoko onse a dzikolo ankalandira simenti yokwana matani pafupifupi 2 miliyoni okha pachaka. Zombo mazanamazana zinandandalika panyanja kudikira kutsitsa katundu. Pa simenti imeneyi, matani 240,000 anaitanitsidwa ndi Unduna wa Zachitetezo, ndipo Banki Yaikulu ya Nigeria inalemba kalata yolonjeza kuti ndalama zidzalipiridwa ku London. Mu Julayi chaka chomwecho boma linasintha, asilikali ena analanda ulamuliro, ndipo akuluakulu atsopanowo anaimitsa malipiro. Kampani ya ku Switzerland yotchedwa Trendtex, imene inali itatumiza kale gawo la simentiyo, inasumira bankiyo ku London.

Bankiyo inadziteteza motere: ife ndife mkono wa boma, ndipo simentiyi inali yomangira nyumba za asilikali. Kodi pali ntchito yaulamuliro yoposa kusamalira asilikali? Mfundoyi si yopusa ayi. Koma mu 1977 khoti la apilo ku London linaikana. Linapeza kuti bankiyo sinali nthambi ya boma yoyenera chitetezo, ndipo oweruza awiri mwa atatu anapitirira apo. Mmodzi wa iwo, Denning, anafotokoza kuti boma likalowa mumsika kukagula nsapato kapena simenti, liyenera kutsata malamulo a mumsika. Wogulitsa safunsa kuti katunduyo mukachita naye chiyani kwanu.

Apa ndiye pagona mfundo. Khoti limayang'ana mtundu wa chinthu chimene boma lachita, osati cholinga chake. Funso n'lakuti: kodi munthu wamba kapena kampani angachite chinthu chotere? Kugula simenti angathe. Kulamula asilikali kuti asamukire m'nyumba zomangidwa ndi simentiyo sangathe. Chifukwa chake n'chomveka. Chilichonse chimene boma limachita chimakhala ndi cholinga cha dziko, ngakhale kugula choko cha m'sukulu. Makhoti akanati azitsata cholinga, palibe ngongole ya boma imene ikanaweruzidwa.

Chaka chotsatira, mu 1978, Britain inalemba zimenezi m'lamulo. Lamulolo limatchula poyera zinthu zimene zili zamalonda: pangano logula katundu kapena ntchito, ngongole iliyonse, ndiponso lonjezo lililonse lobweza ngongole ya wina. Mawu omalizawa muwasunge, chifukwa ndi amene akukhudza ife.

Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, Proindicus, EMATUM ndi MAM, anabwereka ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Ndalamazo zinali zogulira maboti ophera nsomba, maboti olondera gombe ndi malo okonzera zombo ku kampani ya Privinvest. Nduna ya Zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, inasaina makalata olonjeza kuti makampaniwo akalephera kubweza, boma lidzabweza. Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe. Mapanganowo analembedwa motsatira malamulo a ku England.

Tsopano tiyese ndi muyeso wa simenti uja. Kulondera gombe la dziko ndi ntchito yaulamuliro, palibe angatsutse. Koma chimene chinasainidwa papepala si lamulo lotumiza asilikali panyanja. Ndi lonjezo lobweza ngongole, chinthu chimene malume amachitira mphwake tsiku lililonse akapita kukabwereka ndalama za feteleza. Cholinga n'chachitetezo, koma mtundu wake ndi wamalonda. Choncho khomo lonena kuti "ife ndife boma, musatiweruze" linali lotseka.

Panalinso chifukwa china. Mu 2019 boma lathu lenilenilo ndilo linakatsegula mlandu ku London, kusumira Credit Suisse ndi Privinvest. Dziko likayamba lokha mlandu m'khoti la eni, ndiye kuti lavomera mphamvu ya khotilo pa nkhaniyo, ndipo osumiridwawo angathe kubweza dandaulo lawo pa nkhani yomweyo. Kuvomeraku kunabwera ndi mtolo wake: khoti linafuna kuti maofesi a boma, ngakhale a zachinsinsi, atulutse makalata okhudza ngongolezi, ndipo kuchedwa kwake kunatsala pang'ono kuwononga mlandu.

Mfundo ya Mozambiki inali ina. Boma linati malonjezo aja ndi opanda mphamvu chifukwa anapezeka mwa ziphuphu ndipo anasainidwa mophwanya malamulo a dziko. Kuno kwathu, khoti loteteza malamulo aakulu a dziko linali litagamula mu 2019 ndi 2020 kuti ngongolezi n'zosavomerezeka. Koma chigamulo cha ku Maputo sichimanga manja a woweruza wa ku London pa pangano lotsata malamulo a ku England, n'chifukwa chake nkhondoyo inayenera kumenyedwanso kumeneko. Boma linagwirizana ndi mabankiwo kunja kwa khoti, ndipo mu Julayi 2024 Knowles anagamula kuti Privinvest ilipire Mozambiki ndalama zoposa madola 825 miliyoni. Kampaniyo inakana kuti inalakwa ndipo inati ichita apilo.

Nanga za Pulezidenti? Privinvest inafuna kumulowetsa mumlandu, ikunena kuti nayenso analandira ndalama pamene anali Nduna ya Zachitetezo. Iye anakana kulakwa kulikonse. Mu Seputembala 2023 khoti linati silingamuweruze, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo mu Febuluwale 2024. Ichi ndi chitetezo cha mtundu wina, cha mpando: mtsogoleri wa dziko akadali paudindo amatetezedwa pafupifupi ngati kazembe. Tisasokoneze apa. Khoti silinanene kuti munthuyo ndi wolakwa kapena wosalakwa. Linangonena kuti pabwalo pano si pamalo pake. Ndipo mtsogoleri akachoka pampando, monga anachokera a Nyusi mu Januwale 2025, chitetezo chimachepa n'kutsala pa zokhazo zimene anachita monga ntchito ya boma.

Lamuloli lili ndi mbali yowawa, ndipo sitiyenera kuibisa. Ntchito ikakhala yaulamuliro, chitetezo chimakhalapo ngakhale ntchitoyo ikhale yoipitsitsa. Mu 2012 Khoti la Dziko Lonse ku Hague linagamula kuti makhoti a ku Italy analakwa polola anthu kusumira Germany pa nkhanza zimene asilikali ake anachita pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Wogulitsa simenti ali ndi khomo lolowera, pamene mwana wa munthu wophedwa ndi asilikali alibe. Ambiri, ngakhale oweruza ena a khoti lomwelo, amaona kuti apa lamulo latsimphina.

Chatsala chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira kwambiri. Kupambana mlandu n'kwina, kulanda katundu wa dziko n'kwina. Tinene kuti banki yapambana, boma lakana kulipira. Woweruza amafunsanso funso lija, koma tsopano pa katunduyo: kodi akugwira ntchito yamalonda kapena yaulamuliro? Nyumba ya kazembe singalandidwe. Ndalama zoyendetsera ofesi ya kazembe nazonso zimatetezedwa. Ku Britain, chuma cha banki yaikulu ya dziko lina sichiwerengedwa ngati chamalonda, ndipo apa lamulo la 1978 linatseka mpata umene nkhani ya simenti inasiya. Chimene chingagwidwe ndi katundu wa boma amene akugwiritsidwa ntchito pa malonda.

Izi zinayesedwa pafupi nafe, ku Ghana. Mu Okutobala 2012 kampani yotchedwa NML Capital, imene Argentina inali nayo ngongole, inapempha khoti la ku Ghana kuti ligwire chombo cha Argentina chotchedwa Libertad chitaima pa doko la Tema. Khotilo linavomera, poona kuti pobwereka ndalamazo Argentina inali itasaina kuti sidzabisala kuseri kwa chitetezo. Ngongoleyo inali yamalonda ndithu. Koma Libertad ndi chombo cha asilikali apanyanja, chophunzitsira achinyamata ntchito yankhondo. Pa 15 Disembala khoti la malamulo a panyanja ku Hamburg linalamula kuti chimasulidwe msanga, ndipo patapita masiku anayi chinanyamuka, chitakhala pa dokolo miyezi yoposa iwiri. Mu 2013 Khoti Lalikulu la Ghana nalo linati kugwira chombocho kunali kulakwa. Argentina inadzalipira NML Capital mu 2016, atakambirana pa tebulo.