Galimoto mukuiona, koma woyendetsa akukuonani?

Omvera athu a ku Karonga, makamaka inu opalasa njinga, tamverani kuno.

Dzuwa likangolowa, msewu wa M1 umadzaza. Malole ochokera ku Songwe akudutsa, anthu akuweruka kumsika, akabaza ali pikitipikiti. Inu galimoto mukuiona bwino, chifukwa yayatsa nyali. Koma woyendetsayo sakukuonani. Magetsi a galimoto yobwera kutsogolo akamuthobwa m'maso, munthu wovala zakuda amangosowa mumdima.

Choncho valani chovala chonyezimira, ndipo njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo.

Pali chimodzi chimene ambiri timaphonya. Mwamanga thumba la mpunga pakaliyala, kapena mwakweza munthu. Msana wanu wabisika, chovala chija sichikuonekanso. Nyali yofiira ikhale kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, thumba lisaiphimbe. Manganinso nsalu yonyezimira m'akakolo. Miyendo ikamapalasa, woyendetsa amazindikira msanga kuti ndi munthu wa panjinga.

Yesani usiku uno. Mnzanu aime patali kumbuyo kwanu, tochi ali nayo pafupi ndi maso, akuunikireni. Ngati sakuona kunyezimira, chovalacho chatha kapena chada ndi fumbi.

Omvera, tibwerezenso. Chovala chonyezimira, nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Mufike bwino kunyumba.