Musamatitchule abodza pa nkhani ya mapesi

Abale anga, timavidiyo taulimi tikuzungulira pa WhatsApp ti, tolemba BODZA mofiira kenako ZOONA mobiriwira, tandikwana. Kena kakuti: bodza, mapesi amasunga tizilombo, zoona, kuotcha mapesi kumawononga nthaka. Basi katha, mphindi imodzi osakwana.

Chachiwiricho sindikutsutsa, munda wophimbira umasungadi chinyontho ng'amba ikabwera mu Januwale. Koma choyambacho ndi bodza liti? Ng'ambani phesi louma mu Seputembala, kapuchi mumupeza ali phee mkatimo kudikira mvula. Makolo athu ankaotcha ataona zimenezo. Mukamutcha wabodza munthu pa chinthu chomwe anachiona ndi maso ake, ngakhale zoona zanuzo sazimveranso.

Bwanji osanena kuti kapuchi alipodi, koma mukadula mapesi n'kuwagoneka pansi osaunjika, dzuwa la Okutobala limapha ambiri? Pamenepo ndiye mwathandiza mlimi.

Nanga ng'ombe zomwe timazitayirira tikakolola kuno ku Ntcheu, nanga ana osaka mbewa ndi moto? Kaya ku Nsipe kaya ku Bilira, mapesi amathera pamenepo. Zimenezo muziika mbali iti, yofiira kapena yobiriwira?