Musanafunse mtengo wa mkaka, funsani komwe ukagone usiku

Akakutumani kugolosale kukagula mkaka, mumapeza mitundu itatu: wamadzi wa m'firiji, wa m'katoni wolembedwa zilembo za UHT, ndi waufa wa m'chitini kapena m'paketi. Ambiri timangoyang'ana wotchipa n'kunyamula. Ine ndikuti funso loyamba lisakhale la mtengo. Funsani kaye kuti: mkaka umenewu tikautsegula, wotsalawo ukagona kuti? Yankho lake ndi limene limakuuzani mkaka wotchipa weniweni wa pakhomo panu.

Tiyambe ndi chimene chimawononga mkaka. Pa magawo 100 aliwonse a mkaka wa ng'ombe, pafupifupi 87 ndi madzi, ndipo otsalawo ndi mafuta, mapuloteni, shuga wotchedwa lakitozi ndi mchere monga kashiamu. Chakudya chabwino chonchi mabakiteriya nawonso amachikonda. Kukatentha ngati mu Okutobala, bakiteriya mmodzi amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha: pa maola 6 agawikana ka 18, ndiye kuti mmodzi uja wasanduka oposa 260,000. Mitundu itatu ya mkaka ija ndi njira zitatu zolimbanirana ndi tizilomboti.

Mkaka wa m'firiji ya m'sitolo amautenthetsa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15 n'kuuziziritsa msanga. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Louis Pasteur, wasayansi wa ku France. Imapha tizilombo toyambitsa matenda, koma simapha tonse, n'chifukwa chake mkakawu umafunabe kuzizira kosapitirira madigiri 5 ndipo umangokhala masiku ochepa. Kukoma ndiye palibe woupambana, chifukwa sunapse kwambiri.

Musausokoneze ndi mkaka wosaphika umene amagulitsa m'zigubu panjinga, makamaka kumadera a ng'ombe zamkaka monga ku Bvumbwe. Umenewo utha kukhala ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena ta buluselosisi, matenda oyambitsa kutentha thupi kobwerezabwereza. Diso silingaone, mphuno singamve. Muuwiritse mpaka ufufume musanamwe, ngakhale mlimiyo akhale amalume anu.

Wa UHT amautenthetsa kwambiri, madigiri 135 kapena kuposerapo, kwa masekondi owerengeka, kenako n'kuutsekera m'katoni yopanda tizilombo imene silowa mpweya kapena kuwala. Ukhoza kukhala miyezi ingapo pashelefu popanda firiji, ndipo sikuti amathiramo mankhwala monga ena amaganizira. Kutenthako kumasintha pang'ono mapuloteni ndi shuga wa mumkaka, n'chifukwa chake umamveka ngati wophikidwa kale. Koma apa ndi pamene ambiri amapusitsika: kukhalitsa kwakeko kumathera pomwe mwadula katoni. Mpweya ndi manja zalowetsamo tizilombo, ndiye wafanana ndi mkaka wina uliwonse. M'firiji ukhala masiku atatu kapena anayi. Pawindo la kukhitchini, mawa lake musaukhulupirire.

Waufa ndi mkaka umene auchotsa madzi pafupifupi onse. Mabakiteriya sangaswane pouma, choncho chitini chotsegula chimakhala milungu ingapo ngati mukutseka bwino. Mumasungunula wokwanira nthawi imeneyo basi.

Tsopano tiwerengere. Mitengo imasintha pafupipafupi, ndiye manambalawa ndi ongoyerekeza. Inu mukaikemo ya kugolosale kwanu. Tinene kuti banja lopanda firiji limathira mkaka m'tiyi m'mawa mokha, kapu imodzi ya mamililita 250 patsiku. Katoni ya lita imodzi ili pa K3,600, pomwe chitini cha ufa cha magalamu 400 chili pa K13,500. Ukangoona, wa m'katoni ndiye wotchipa. Koma lita imodzi ya mkaka imafuna ufa pafupifupi magalamu 130, kutanthauza kuti chitinicho chimatulutsa malita atatu, lita iliyonse K4,500. Pa lita, wa m'katoni akutsogolabe.

Nanga pa tsiku? Chitini chija chili ndi makapu 12, ndiye chikwana masiku 12, tsiku lililonse K1,125. Katoni ili ndi makapu anayi, koma popanda firiji banjalo liyenera kumwa onse tsiku lomwelo kapena kutaya atatu. Mulimonsemo, K3,600 yapita tsiku limodzi. Mkaka wodula pa lita wasanduka wotchipa pa tsiku. Banja lomwelo litakhala ndi firiji yodalirika, katoniyo ikanakwana masiku anayi pa K900 patsiku, n'kupambana ufa. Ndanena kuti yodalirika, chifukwa magetsi akazima tsiku lonse firiji imangokhala kabati.

Wina anena kuti, "Bwanji osagula timapaketi ting'onoting'ono ta UHT, totha tsiku limodzi?" Ndi nzeru ndithu, makamaka kwa amene sakonda kakomedwe ka waufa. Kungoti gawani mtengo wake ndi mamililita, chifukwa kawirikawiri kapaketi kakang'ono kamadula pa lita kusiyana ndi katoni yaikulu. Winanso anena kuti mkaka ukasasa ndi chambiko basi, palibe chotaya. Apa ndikukana. Chambiko cha m'sitolo amapanga ndi mkaka wophikidwa kale, n'kuthiramo mabakiteriya osankhidwa amene amasandutsa lakitozi kukhala asidi. Mkaka wa UHT wogona pawindo umagwidwa ndi tizilombo tilitonse tapezeka pamenepo, ndipo nthawi zambiri umawawa ndi kununkha m'malo mosasa bwino. Kuuwiritsa sikuupulumutsa, pakuti poizoni wina amene mabakiteriya amatulutsa saphwanyika ndi moto.

Waufa nawo uli ndi misampha yake, ndipo woyamba ndi madzi. Ufa ungakhale waukhondo chotani, mukausungunula ndi madzi a pachitsime osawiritsa mwadziitanira matenda otsegula m'mimba. Ukangosungunuka wabwerera kukhala mkaka wamadzi, ndiye imwani nthawi yomweyo. Musapise sipuni yonyowa m'chitini. Ufa ukaumbika zibuluma zolimba kapena ukamanunkha ngati mtedza wakalekale, chinyezi ndi mpweya zauwononga.

Msampha wachiwiri ndi waukulu: si ufa woyera uliwonse umene uli mkaka. Pali ufa wongoyeretsa tiyi kapena khofi, wopangidwa ndi shuga wa gulukosi ndi mafuta a zomera, wokhala ndi mapuloteni ochepa zedi. Umatchipa, umakoma, koma sumanga thupi. Tembenuzani paketi muwerenge zimene zilimo, chifukwa choyamba kulembedwa ndicho chochuluka. Ngati choyambacho si mkaka, mwagula zina. Ndipo dziwani kuti pa mitundu yonseyi palibe woyenera khanda losakwana miyezi 6. Ilo limafuna bere la mayi ake.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati muli pafupi ndi mlimi ndipo mumwa tsiku lomwelo, gulani wamadzi wokwana tsikulo, muuwiritse. Mukakayika, wiritsani kaye pang'ono pasipuni. Ukadukaduka ndiye kuti wayamba kale kusasa. Ngati firiji ilipo ndipo magetsi savutavuta, wa m'firiji kapena wa UHT ukuchitirani bwino. Koma pakhomo popanda firiji pomwe mkaka umangolowa m'tiyi ndi m'phala, waufa weniweni ndiwo wanzeru, ngakhale mtengo wa chitini ukuoneka woopsa. Tsiku lina akakutumaninso, tengani cholembera muwerenge ndalama za mkaka umene ulowedi m'mimba, osati umene ukathere kudzala.